Cigayo cikadya zala, funso loyamba si lakuti walakwa ndani

Nyengo yokolola ikafika kum'mawa, mafoni a anthu a mu Lusaka sapuma. Muli mu basi yocokera ku Chawama kapena ku Mtendere, mwapanikizika pakati pa thumba la makala ndi bondo la mnzanu, foni yalira. Ndi amayi ku Sinda. Akuti mng'ono wanu uja asewenza pa cigayo, lamba wamugwira dzanja, zala zitatu zapita, manje ali ku cipatala ca Nyanje. "Tumizako kangacepe." Mutumiza. Mwezi wotsatira mutumizanso, cifukwa munthu sakwanitsa kugwira khasu ndipo ana afunika kudya. Mukafunsa ngati bwana wake wacitapo kanthu, yankho limakhala lija tonse tinalimvapo: "Anapereka ya sopo na ya thiransipoti. Akuti mwana analakwa yekha, sanasamale."

Nkhani zambiri zimathera pamenepo. Banja limakhulupirira kuti kuti munthu alandire cipukuta misozi, afunika kuonetsa kuti bwana ndiye analakwa. Popeza palibe amene anaona bwino zimene zinacitika, ndipo popeza mnyamatayo naye avomera kuti anafulumira, onse amangoti ndi tsoka. Ife tikuti maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo akudya ndalama za anthu osauka, kuphatikizapo zanu zija mutumiza pa foni.

Lamulo la dziko lino pa nkhaniyi ndi Workers' Compensation Act, lamulo namba 10 la caka ca 1999. Bungwe loliyendetsa ndi Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lake lili ku Ndola ndipo kum'mawa lili ndi ofesi ku Chipata. Mtima wa lamuloli ndi wosavuta kumva. Ngati wanchito wapwetekeka pa ngozi imene yacitika ali pa nchito ndipo yabwera cifukwa ca nchitoyo, ayenera kulipiridwa. Akamwalira, olipiridwa ndi amene anali kudalira iye. Lamulo silifunsa kuti bwana anasiya makina osachinga kapena iyai. Silifunsanso ngati wanchito anasinza pang'ono kapena anafulumira. Ngozi ingakhale yoti palibe munthu anailakwira, monga thumba la cimanga kugwa pa mulu kapena njinga kuterereka pa matope, ufulu ulipo ndithu.

Zimenezi sizinabwere cifukwa ca cifundo ca olemba nchito. Kale ku maiko a azungu wanchito wopwetekeka anali ndi njira imodzi cabe, yopita ku khoti kukatsimikiza kuti bwana analakwa, ndipo ambiri anali kuluza cifukwa bwana ali ndi loya pamene iwo alibe ngakhale ya basi. Dziko la Germany mu 1884 ndi Britain mu 1897 anasintha: anati kupwetekeka kwa anchito ndi mbali ya mtengo wa bizinesi, monga mafuta ndi kukonza makina, ndiye bizinesi ilipire popanda kukangana za wolakwa. Lamulo lathu ndi mdzukulu wa maganizo amenewo. Wolemba nchito aliyense apereka ndalama ku thumba limodzi caka ndi caka, kulingana ndi malipiro a anchito ake ndi kuopsa kwa nchitoyo, ndipo wopwetekeka alipiridwa kucokera m'thumbamo.

Apa pali cinthu cimene anthu amasokoneza. NAPSA amadula pa malipiro anu, NHIMA nayo amadula, ndiye munthu akaona kuti pa peyisilipi palibe mzere wa kompenseshoni aganiza kuti sali m'gulu. Sizili conco. Ya kompenseshoni alipira ndi bwana yekha, ndipo kudula wanchito ndalama imeneyi ndi kulakwira lamulo. Kulembetsa bizinesi ku bungwe ndi udindo wa bwana. Ngati sanalembetse, mlandu ndi wake, osati wa mnyamata amene zala zake zatsala mu cigayo.

Tiyeni tibwerere kwa mng'ono wanu uja, tiyende naye pang'onopang'ono. Tinene kuti wagwira nchito pa cigayo ca pa msika wina m'boma la Sinda kwa zaka ziwiri, alipiridwa pa mwezi. Tsiku la ngozi lamba anali kuterereka, iye anafuna kumubweza injini ikali kuzungulira, cifukwa panali mzere wa azimayi ndi ndowa zao ndipo kuzima injini ndi kuilizanso kumadya nthawi. Kodi analakwa? Tinene zoona, inde, sanacite mwanzeru. Koma anali kucita nchito ya bwana, pa malo a bwana, pa nthawi ya nchito, pofuna kuti ufa wa makasitomala a bwana utuluke. Lamulo lifuna zimenezo cabe. Kupusa pang'ono, kutopa, kufulumira, zonsezi sizicotsa ufulu.

Cimene cingacotse ufulu ndi kulakwa kwakukulu kocita dala, monga kubwera pa makina ataledzera. Ngakhale pamenepo lamulo lili ndi mtima: ngati munthu walemala kwambiri, kapena wamwalira nasiya omudalira, malipiro sakanidwa cifukwa ca kulakwa kwake. Ndiye bwana akanena kuti "analakwa yekha," sananene kanthu kotseka nkhani. Wangokamba mau amene adziwa kuti banja liziopa.

Zofunika kucita zili ndi nthawi yake, ndipo apa ndi pamene anthu amagwera. Wanchito, kapena m'bale wake ngati iye ali pa bedi, auze bwana za ngoziyo mwamsanga. Kunena pakamwa n'kwabwino, koma kalata yaifupi kapena uthenga wa pa foni wokhala ndi tsiku ndiye umboni wosatha. Bwana akamva, lamulo limupatsa masiku atatu kuti adziwitse bungwe. Pempho la malipiro liyenera kufika pasanathe miyezi 12 kucokera tsiku la ngozi. Miyezi 12 ioneka yambiri mukaimva mu basi, koma kumudzi imatha ngati mcere wa m'nyumba ya alendo: miyezi itatu bala likupola, ina itatu kudikira lonjezo la bwana lakuti "tidzaona tikagulitsa soya," kenaka mvula yagwa, mseu wavuta, caka catha. Bwana akakhala cete, banja lisadikire. Lingapite lokha ku ofesi ya bungwe ku Chipata kapena kwa ofisala wa za anchito kukanena.

Ku cipatala nako kuli kofunika kusamala. Kaya ndi ku Nyanje, kaya ku St Francis ku Katete, kaya ku kiliniki ya ku Vubwi, wodwala anene poyera kuti wapwetekera pa nchito, achule malo ndi makina, ndipo aone kuti zalembedwa pa khadi. Ena amanama kuti anadziceka ndi nkhwangwa kumunda, cifukwa bwana wawapempha kuti asamuike m'mavuto ndipo walonjeza kulipira mankhwala. Bodza limenelo la tsiku loyamba limadzakhala mboni yoopsa kuposa mdani aliyense. Pakapita miyezi isanu bwana wasintha mtima, khadi la cipatala likunena za nkhwangwa.

Bala likapola, madokotala ndiwo amapima kulemala nakuika pa maperesenti. Ngati kulemala kwacikhalire kuli maperesenti 10 kapena kucepera, munthu alandira ndalama kamodzi. Kukapitirira maperesenti 10, alandira penshoni ya mwezi ndi mwezi. Kawerengedwe kake kayambira pa hafu ya malipiro. Tiyerekeze kuti malipiro amene bungwe lawerengera mnyamata wathu ndi K1,000 pa mwezi, ndipo madokotala aika kulemala kwake pa maperesenti 40. Hafu ya K1,000 ndi K500. Maperesenti 40 a K500 ndi K200. Ndiyo penshoni yake pa mwezi. Pamwamba pake pali thandizo la mankhwala, ndalama ya nthawi imene ali kudwala osasewenza, ndi ziwalo zoikirira kwa amene aduka mwendo kapena dzanja. Munthu akamwalira, mkazi kapena mwamuna wake alandira penshoni ndipo ana amakhala ndi gawo lao.

Tikudziwa zimene mwanena mumtima mutaona K200. Nafenso tanena zomwezo. Ndi ndalama yocepa, ndipo pali malire a malipiro amene amawerengedwa, kotero kuti ngakhale wolandira zambiri sapeza hafu yeniyeni ya zimene anali kutenga. Siilipira ululu, siilipira manyazi a mnyamata wosakwatira amene abisa dzanja m'thumba. Uwu ndiwo mtengo wa njira yosafunsa wolakwa: ndi yotsimikizika koma ndi yaing'ono. Komabe yerekezani ndi ya sopo ija. K200 pa mwezi ndi K2,400 pa caka, ndipo pa zaka khumi ndi K24,000. Bwana amene apereka K1,500 kamodzi nauza banja kuti lisaine kuti nkhani yatha adziwa bwino samu imeneyi. Dziwani kuti cikalata cotere sicingaphe ufulu umene lamulo lapereka. Wanchito sangagulitse ufulu wake wa kompenseshoni ngakhale atadinda cala pamaso pa anduna a mfumu.

Nanga kulakwa kwa bwana kulibe nchito konse? Kuli nayo, koma pa njira yaciwiri. Lamulo la 1999 silinatseke citseko ca khoti. Ngati bwana anali wosasamala kapena anaphwanya lamulo la citetezo, wanchito angamusumire kuti alipire zoonongeka zonse, kuphatikizapo ululu ndi malipiro amene akanapeza m'tsogolo. Pa njira imeneyi ndi pamene mtolo wa umboni uli pa wanchito. Afunika kuonetsa kuti bwana anali ndi udindo womuteteza, kuti sanaukwaniritse, ndipo kuti kulephera kumeneko ndiko kunabweretsa ngoziyo. Kwa mnyamata wa pa cigayo, funso lingakhale lakuti: kodi lamba anali ndi cochinga? Lamulo la mafakitale, Factories Act, lifuna kuti mbali zoopsa za makina zikhale zochingidwa. Ngati cochinga cinacotsedwa kale ndipo anchito anadandaula koma bwana anati ndalama kulibe, pamenepo pali mlandu.

Koma khoti ili ndi minga yake. Idzafunsanso za mnyamatayo, ndipo ikapeza kuti nayenso anathandizira ngozi pogwira lamba injini ikuzungulira, idzacepetsa ndalama kulingana ndi gawo lake. Zimene bungwe lalipira zimacotsedwa pa zimene khoti yagamula, munthu sadya kawiri. Mlandu wa kupwetekeka uyenera kuyambika pasanathe zaka zitatu. Pafunika loya, kapena thandizo la Legal Aid Board, ndi maulendo a ku Chipata amene wocokera ku Vubwi adziwa kuwawa kwake. Mboni zambiri ndi anchito anzake amene akali kudya kwa bwana yemweyo, ndipo munthu sacitira umboni wotsutsa dzanja limene limupatsa nsima. Pothera pake, ngakhale mutawina, mwini cigayo angakhale alibe cogulitsa koma cigayo comweco.

Ndiye uphungu wathu ndi wakuti njira ziwirizi musazisokoneze, ndipo musasiye yoyamba podikira yaciwiri. Yambani ndi bungwe, kumene safunsa wolakwa. Ngati pali umboni weniweni wa kusasamala, monga cithunzi ca makina osachinga cojambulidwa tsiku lomwelo bwana asanaitane wowocerera, funsani a zamalamulo za khoti nthawi ikalipo.

Tsopano tifike pamene pali bala lenileni. Lamulo silikufunsani kutsimikiza kuti bwana analakwa, koma likufunsani kutsimikiza kuti munali wanchito wake. Ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi, funso limeneli ndilo lovuta kuposa loyamba. Ndani ali ndi kontirakiti pa cigayo? Ndani asaina polandira malipiro pa shedi yogulira cimanga ndi soya, kumene anyamata anyamula matumba a makilo 50 kukweza pa thiraki kucokera m'mawa mpaka mdima? Amene akweza ndi kutsitsa katundu pa mphambano ya Katete, pamene mseu wa ku Chanida ucoka mu Great East Road, alembedwa m'buku la ndani? Ngozi ikacitika, bwana amene dzulo anali kunena "anyamata anga" lero anena "uyu anali wa ganyu cabe, sindimudziwa bwino."

Mau akuti ganyu asakuopseni msanga. Lamulo limapatula munthu amene wapatsidwa kanchito ka apo ndi apo kosakhudzana ndi bizinesi ya womulembayo. Koma wonyamula matumba pa shedi ya wogula mbeu akucita bizinesi yeniyeni ya wogulayo. Wothira cimanga mu cigayo akucita bizinesi yeniyeni ya mwini cigayo. Kulipiridwa pa tsiku kapena pa thumba sikusandutsa munthu kukhala mlendo. Pangano la pakamwa nalonso ndi pangano. Cofunika ndi kuonetsa kuti linalipo, ndipo umboni wake ndi tinthu tating'ono timene anthu amataya: mauthenga a ndalama za pa foni ocokera ku namba ya bwana mwezi ndi mwezi, kabuku kolemba matumba, ovolosi yokhala ndi dzina la kampani, cithunzi ca pa nchito, makasitomala amene akhala akumuona pa cigayo zaka ziwiri. Inu a m'tauni amene muli ndi mafoni abwino, mukapita kumudzi pa Kulamba kapena pa maliro, jambulani zinthu zimenezi. Muuzeni mng'ono wanu asamafafanize mauthenga a malipiro pofuna malo a nyimbo.

Musaganize kuti iyi ndi nkhani ya kumudzi cabe. Yang'anani kondakita amene walendewera pa citseko ca basi muli kukwerayi, phazi limodzi mkati lina panja, akuitana "Town, town!" Akagwa pa Kafue Roundabout nathyoka msana, bwana wake ndani? Mwini basi adzati ine ndidziwa dalaivala cabe, amene andibweretsera kashingi madzulo. Dalaivala adzati ine ndine wanchito ngati iye. Vuto la mnyamata wa ku Sinda ndi la kondakita wa pa Kulima Tower ndi limodzi: onse lamulo lingawathandize popanda kufunsa wolakwa, koma onse alibe pepala lonena kuti ali pa nchito ya ndani. Cimodzimodzi mtsikana wocokera ku Katete amene mwamubweretsa kuti azisamala ana kunyumba kwanu. Anchito a m'nyumba ali mkati mwa lamuloli, ndipo pamenepo bwana woyenera kulembetsa ndinu amene mukuwerenga.

Matenda obwera ndi nchito ndi ovuta kuposa ngozi, cifukwa alibe tsiku. Zala zimaduka pa Ciwiri 10 koloko, anthu akuona. Fumbi limalowa m'mapapo mwakacetecete kwa zaka, munthu nadzayamba kupuma movutika atasiya kale nchito. Pano naponso wanchito safunika kuonetsa kuti bwana analakwa. Afunika kuonetsa kuti matendawo ndi a mtundu umene lamulo liuzindikira ndipo anabwera ndi nchito imene anali kugwira, ndipo amene anganene zimenezo ndi dokotala, osati mboni za pa msika.

Kum'mawa kuli madala ambiri amene unyamata wao anausiya pansi pa nthaka ku Kitwe, ku Mufulira, ku Luanshya ndi ku Chingola, nabwerera kwao kukalima. Ena akutsokomola, mpweya ucepa akakwera kacitunda, ndipo kumudzi akuti ndi ukalamba kapena awalodza. Fumbi la miyala ya mu mgodi limabweretsa matenda a silikosisi, amene amaumitsa mapapo, sacira, ndipo amatsegulira njira TB. Lamulo la 1999 linaphatikiza thumba la ngozi ndi thumba lakale la matenda a m'mapapo a anthu a m'migodi kukhala bungwe limodzi. Kupima ndi kutsimikiza matendawa ndi nchito ya Occupational Health and Safety Institute ku Kitwe. Mdala wa ku Vubwi amene anasewenza mu mgodi afunika kupimidwa ndi a bungwe limenelo, ndipo afunika mapepala ake akale a ku mgodi. Ngati atate anu ali ndi kacikwama ka mapepala ofiira ndi ukalamba pansi pa bedi, musakayatsire mbaula.

Kuti muone kusiyana kwa njira ziwiri zija pa nkhani ya matenda, taonani ku South Africa, kumene anthu a cigawo cino ca Africa, a ku Malawi ndi a ku Mozambique omwe, anakumba golide kwa zaka zambiri. Thembekile Mankayi, amene anadwala mapapo atasewenza mu mgodi wa golide, analandira kandalama kocepa ka kompenseshoni ndipo anafuna kusumira kampani ya AngloGold Ashanti. Khoti yaikulu ya malamulo a dziko inagamula mu March 2011 kuti ali ndi ufulu wosuma, koma iye anali atamwalira masiku ocepa cigamulo cisanatuluke. Panapitanso zaka mpaka 2019 pamene khoti inavomereza pangano la ndalama zokwana 5 biliyoni randi, limene lero liyendetsedwa ndi Tshiamiso Trust. Njira ya khoti inabala zambiri, inde, koma ambiri amene anaiyamba sanaone mapeto ake.

Pali anthu ena amene lamulo lathu siliwaona konse, ndipo tisabise. Mlimi wa thonje ku Katete amene watenga mbeu ndi mankhwala pa ngongole ku kampani, napopera munda wopanda cophimba kumaso mpaka cizungulire ndi kusanza, si wanchito wa kampaniyo. Ndi mlimi wodziimira, ngakhale mtengo wa thonje lake auika ndi ena. Wochova njinga yonyamula anthu pa Katete, ngati njinga ndi yake, alibe bwana. Anyamata okumba golide ku Vubwi, amene alowa m'maenje opanda mitengo yocirikiza napuma fumbi la miyala yosinja, ambiri amagawana zimene apeza ndi munthu wowapatsa cakudya ndi zida, ndipo dzenje likagumuka munthuyo amati anali kuthandiza cabe. Enanso amaoloka malire kukagwira nchito m'minda ya fodya ku Malawi, kumene kuli lamulo lao la caka ca 2000, osati lathu. Kwa onsewa, mau akuti safunsa wolakwa ndi nyimbo ya ku ukwati wa eni ake.

Ndiye tili ndi zopempha, ndipo tizichula mosazungulira. Coyamba cipite ku makhonsolo a Katete, Sinda ndi Vubwi. Mwini cigayo, mwini shedi, mwini makina oceka matabwa amabwera yekha caka ciliconse kudzatenga laisensi ya malonda. Pamenepo ndi pamene afunsidwe cikalata coonetsa kuti analembetsa anchito ake ku bungwe la kompenseshoni. Sipafunika galimoto kapena mafuta oyendera midzi, pafunika funso limodzi pa windo. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012 ndi lonjezo lakuti boma lifike pafupi ndi anthu. Ngati munthu woduka dzanja afunikabe kugulitsa mbuzi kuti akafike ku Chipata kukatenga fomu, lonjezo limenelo likali m'njira.

Caciwiri cipite ku bungwe lenilenilo. Anthu opwetekeka onse amadutsa pa khomo limodzi, la cipatala. Fomu yodziwitsa za ngozi ikhale pa tebulo la St Francis, la Nyanje ndi la zipatala za boma, ndipo wolemba khadi akamva kuti "cigayo" kapena "thiraki ya bwana" auze wodwala m'Cinyanja kuti pali malipiro ndipo nthawi yake ndi miyezi 12. Mawailesi a kum'mawa amamveka m'midzi yonse. Uthenga wa mphindi imodzi wonena kuti simufunika kuonetsa kulakwa kwa bwana ungafike kumene ofisala sanapondeko. Ndipo a ku Nyumba ya Malamulo ayang'anenso kawerengedwe ka penshoni, cifukwa ndalama imene siigula ngakhale thumba la ufa imapangitsa anthu kuona ngati ulendo wa ku Chipata ndi kutaya nthawi, ndiye mabwana osalembetsa amapumula.

Kwa eni mabizinesi ang'onoang'ono tilibe nkhondo. Ambiri a inu simuli olemera, cigayo munagula ndi penshoni kapena ngongole. Koma ganizani bwino: thumba limeneli linapangidwa kuti likutetezeni inunso. Mukalembetsa ndi kulipira, tsiku la ngozi bungwe ndilo linyamula penshoni ya zaka zonsezo. Mukabisala, tsiku limenelo muli nokha, ndi cilango ca kusalembetsa pamwamba. Ndipo popeza kunena za ngozi ku bungwe si kuvomera mlandu, palibe cifukwa copempha mnyamata kuti akaname za nkhwangwa.

Inu amene foni ija inakulirirani mu basi, musanatumize ndalama yacitatu, imbani kumudzi mufunse zinthu zinayi: tsiku la ngozi, zimene zinalembedwa pa khadi la cipatala, ngati bwana anadziwitsa bungwe, ndi cimene cilipo coonetsa kuti mng'ono wanu anali kulandira malipiro pamenepo. Mukapeza kuti ngozi inacitika mu June, werengani pa zala: June wa caka camawa asanafike, mapepala akhale atalowa ku Chipata.